Kukonza Wophunzira Chiyankhulo Popanda Kumudula Mawu

Mlendo akangoti “Muli bwanji?” pamsika, amayi ogulitsa tomato amaseka mokondwa n’kumuuza kuti Chichewa wachidziwa kale. Akanena kuti “nyumba wanga ali kutali,” palibe amene amamubweza. Onse amamva zimene akutanthauza, ndipo ulemu wathu sulola kuchititsa mlendo manyazi pagulu. Khalidwe limeneli ndi labwino, koma zotsatira zake n’zakuti munthu akhoza kukhala m’dziko muno zaka zambiri akunenabe kuti “nyumba wanga” osadziwa kuti pali cholakwika. Nthawi zambiri munthu mmodzi yekha amene ali ndi chilolezo chomuuza zoona ndi mphunzitsi wake wapadera, uja amakhala naye pansi ola limodzi kapena awiri pa sabata n’kumacheza naye.

Ntchito yanga ndi imeneyo. Ndimaphunzitsa Chichewa anthu akuluakulu, mmodzimmodzi: anamwino ndi madokotala ochokera kunja, ogwira ntchito m’mabungwe, ndiponso ana a Amalawi amene anabadwira ku Britain kapena ku South Africa ndipo akufuna kumacheza ndi agogo awo. Gawo lovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi mphindi imene wophunzira wayamba kufotokoza nkhani, mtima wake uli pa nkhaniyo, ndiye walakwitsa. Ukamuimitsa, nkhani imathera pomwepo. Ukamusiya, cholakwikacho chimakhazikika. Mphunzitsi amakhala ndi sekondi imodzi kapena awiri oti asankhe chochita, ndipo kusankhako kumafuna kuyankha mafunso atatu: cholakwika chimenechi n’choyenera kukonza? Ndichikonze motani? Ndichikonze tsopano kapena pamapeto?

Si cholakwika chilichonse chofuna kukonzedwa

Wophunzira amene wangotha miyezi ingapo akhoza kulakwitsa kanayi m’chiganizo chimodzi. Mphunzitsi wofuna kukonza zonse zinayi amayankhula yekha ola lonse. Choncho ntchito yoyamba ndi kusankha, ndipo ine ndimagawa zolakwika m’magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zolakwika zimene zimasintha tanthauzo kapena zimene zikhoza kunyoza munthu. Wophunzira akanena kuti “ndinapita kuno” pamene akutanthauza kuti anabwera, womvera amasokonezeka. Akamati “iwe” kwa mfumu kapena kwa apongozi a mnzake, galamala yake ili bwino koma wadziwonongera mbiri. Zotere ndimakonza nthawi yomweyo, ngakhale nkhani iime pang’ono, chifukwa pamenepo nkhaniyo inali itasokonekera kale.

Gulu lachiwiri ndi la zolakwika zokhudza chinthu chimene tagwirizana kuti tikulimbana nacho masiku amenewo. Ngati mwezi uno tikugwira agwirizanitsi a mayina a gulu la I-Zi, monga nyumba, njinga ndi mbuzi, ndiye kuti “njinga wake” ndiigwira, koma “msewu chinali choipa” ndiisiya ipite. Wophunzira amadziwiratu zimenezi, motero chizindikiro chaching’ono chimakwana kuti akumbukire.

Gulu lachitatu ndi la zina zonse. Zimenezi ndimazilemba pakapepala kapena kungozisiya. Zina mwa izo ndi za zinthu zimene wophunzira sanafikepo. Munthu amene akuvutikabe kusiyanitsa “ndinapita” ndi “ndapita” sangapindule ndi kumuuza za “ndikanapita.” Zina ndi kungoterereka kwa lilime. Katswiri wa ziyankhulo wa ku Britain, Pit Corder, analemba mu 1967 kuti pali kusiyana pakati pa cholakwika chochokera m’kusadziwa ndi chimene munthu amachita atatopa kapena atafulumira, chikhalirecho lamulolo amalidziwa. Njira yosiyanitsira ndi kumvetsera. Ngati wophunzira wanena kuti “chimanga changa” kangapo molondola kenako n’kunena kamodzi kuti “chimanga yanga,” limenelo ndi lilime chabe. Ngati nthawi zonse akunena “yanga,” ndiye kuti m’mutu mwake muli lamulo lolakwika lofunika kuligwirira ntchito.

Palinso zinthu zimene aphunzitsi ena amakonza pamene si zolakwika n’komwe. “Ndinapita” ndi “ndidapita” zonse ndi Chichewa. “Kulankhula” ndi “kuyankhula” chimodzimodzi. Mwana amene anakulira ku Lusaka adzati “nifuna,” chifukwa ndi mmene Chinyanja cha kumeneko chimayankhulidwira. Mungamuuze kuti ku Lilongwe adzamva anthu akuti “ndikufuna,” koma musamuuze kuti makolo ake anamuphunzitsa zolakwika.

Njira imene aphunzitsi timaikonda, ndi vuto lake

Njira yofatsa kwambiri yokonzera munthu ndi kubwereza zimene wanena koma molondola, ngati kuti mukungovomereza. Wophunzira akuti, “Dzulo ndikupita kumsika,” inu n’kuti, “Oo, munapita kumsika. Munagula chiyani?” Nkhani sinaime, munthu sanachite manyazi, ndipo mawu olondola awamva. Aphunzitsi ambiri timachita zimenezi osaganiza n’komwe.

Mu 1997 akatswiri awiri a ku Canada, Roy Lyster ndi Leila Ranta, anafalitsa zimene anapeza atamvetsera maphunziro a maola opitirira 18 m’makalasi anayi a pulayimale a m’dera la Montreal, momwe ana oyankhula Chingerezi ankaphunzira maphunziro awo m’Chifalansa. Anapeza njira zisanu ndi imodzi zimene aphunzitsi ankakonzera ana: kubwereza molondola, kunena mosabisa kuti apa palakwika n’kupereka yankho, kufunsa kuti mwana anenenso chifukwa sizinamveke, kukumbutsa lamulo, kuyamba chiganizo n’kusiyira mwana kuti amalize, ndi kubwereza cholakwikacho mokweza mawu ngati funso. Pa kukonza 100 kulikonse, 55 kunali kwa njira yobwereza molondola ija. Koma njira yomweyo ndi imene ana ankaiyankha kochepa kuposa zonse: pa maulendo 100 alionse, ndi 31 okha pamene mwana anasonyeza kuti wamva kuti akukonzedwa. Pamene mphunzitsi ankayamba chiganizo n’kusiyira mwana, mwana ankayesa kuyankha nthawi zonse, ngakhale kuti sikuti nthawi zonse ankakhoza.

Chifukwa chake n’chosavuta kumva. Pocheza timabwereza mawu a mnzathu posonyeza kuti tikumvetsera. Wina akati “Mvula inagwa usiku wonse,” timati “Usiku wonse?” Aphunzitsi timabwerezanso ziganizo zolondola za ophunzira pofuna kuwalimbikitsa. Ndiye wophunzira adziwa bwanji kuti kubwereza uku ndi kwa kuvomereza, uku ndi kwa kukonza? Maganizo ake ali pa chiganizo chotsatira. Amangoti “eya, eya” n’kupitiriza ndi cholakwika chomwecho.

Kafukufuku wina wa mu 2000, wa Alison Mackey, Susan Gass ndi Kim McDonough, anaunika mbali ina ya vutoli. Ankajambula ophunzira Chingerezi ndi Chitaliyana akucheza, kenako n’kuwaonetsa kanemayo ndi kuwafunsa zimene ankaganiza panthawi imene ankakonzedwa. Akakonzedwa pa liwu lolakwika kapena pa katchulidwe, kawirikawiri ankazindikira. Akakonzedwa pa galamala, kawirikawiri sankazindikira kuti nkhani inali ya galamala. Kwa ife ophunzitsa Chichewa zimenezi n’zofunika, chifukwa zolakwika zambiri zili m’timaphatikizo ting’onoting’ono, monga -na- ndi -ku-, wa- ndi ya-, timene timadutsa m’khutu mosaoneka.

Izi sizikutanthauza kuti njira yobwereza molondola itayidwe. Ana a pulayimale m’kalasi lodzaza ndi osiyana ndi munthu wamkulu amene wakhala moyang’anana nanu ndipo walipira kuti mumukonze. Wamkuluyo amatchera khutu kwambiri. Komanso kusabwereza mawu pompo sikutanthauza kuti munthu sanaphunzire kanthu. Chofunika ndi kuipanga njirayi kuti imveke. Ifupikitseni: m’malo mobwereza chiganizo chonse, nenani liwu lokhalo, “munapita,” motsindika pa -na-. Konzani chinthu chimodzi chokha. Pumani pang’ono musanapitirize, kuti wophunzira apeze mpata wobwereza ngati akufuna. Ndipo musasakanize kukonza ndi kuyamikira. Mukati “Bwino kwambiri, munapita kumsika,” iye amva “bwino kwambiri” yekhayo.

Kumupatsa kapena kumufunsa

Lamulo limene limandithandiza posankha njira ndi ili: chimene wophunzira sakuchidziwa, mpatseni, chimene akuchidziwa, mufunseni. Munthu sangatulutse m’mutu liwu limene sanalimvepo, choncho kumuyang’ana modikira kuti akonze yekha n’kumuzunza chabe. Koma ngati munaphunzira kale za gulu la I-Zi, kumupatsa yankho n’kumulanda ntchito imene ikanamulimbitsa. Kudzikonza yekha kumamukakamiza kufufuza m’mutu, ndipo chimene munthu wachifufuza yekha amachipeza msanga ulendo wotsatira.

Kufunsako sikufuna mawu ambiri. Mukhoza kubwereza chiganizo mpaka pamene panalakwika n’kuima: “Njinga…?” Mukhoza kutchula liwu limodzi lokumbutsa: “Dzulo?” Mukhozanso osayankhula n’komwe. Ine ndi ophunzira anga timagwirizana zizindikiro za manja pa tsiku loyamba. Dzanja lolozera kumbuyo kwa phewa limatanthauza nthawi yakale. Dzanja lopita kutsogolo ndi nthawi yam’tsogolo. Zala ziwiri zokolana zimatanthauza kuti dzina ndi mgwirizanitsi wake sizinagwirizane. Manja awiri ogundana pang’ono amakumbutsa za ulemu. Ubwino wa zizindikiro ndi wakuti mawu a mphunzitsi samveka, motero wophunzira amakhalabe mwini nkhani. Amakonza liwulo ali mkati moyankhula n’kupitirira.

Mukafunsa, dikirani. Mary Budd Rowe, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, anapeza m’zaka za m’ma 1970 kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanayankhe okha kapena kufunsa wina, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ophunzira amatalika ndi kukhala abwino. Munthu woyankhula chiyankhulo chachilendo amafunikira nthawi imeneyi kuposa wina aliyense. Masekondi atatu a chete amaoneka aatali kwa mphunzitsi, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n’kudekha. Werengani chamumtima mpaka katatu kapena kasanu. Ngati yankho silinabwere, perekani liwulo mwachidule ndipo bwererani ku nkhani. Musafunse kachiwiri ndi kachitatu, chifukwa pamenepo kucheza kwasanduka mayeso.

Mphindi zochepa za phunziro limodzi

Tione mmene zimenezi zimayendera pa phunziro lenileni. Wophunzira ndi namwino wochokera kunja amene akugwira ntchito pachipatala china cha kumudzi. Waphunzira Chichewa kwa miyezi ingapo. Tinagwirizana kuti masabata amenewo tilimbane ndi zinthu ziwiri: nthawi yakale ndi agwirizanitsi a gulu la I-Zi. Ndinamufunsa kuti, “Dzulo kuchipatala kunali bwanji?”

Anayankha kuti, “Aphunzitsi, dzulo ndikuona ana ambiri.” Sindinayankhule. Ndinangolozera dzanja kumbuyo kwa phewa. Iye anati, “Ndinaona. Ndinaona ana ambiri,” n’kupitiriza. Kukonzako sikunathe ngakhale masekondi atatu, ndipo ine sindinatulutse liwu.

Anapitiriza kuti, “Mayi mmodzi anabwera ndi mwana. Anabwera pa njinga wake. Msewu chinali choipa kwambiri chifukwa mvula.” Apa panali zolakwika zitatu: “njinga wake,” “msewu chinali choipa,” ndi “chifukwa mvula” m’malo mwa “chifukwa cha mvula.” Ndinadikira kuti amalize ganizo lake lonse. Kenako ndinati, “Njinga…?” Anaganiza pang’ono n’kuti, “Yake. Njinga yake.” Ndinangogwedeza mutu n’kufunsa kuti, “Ndiye anapalasa yekha, mwana ali kumsana?” Funso limeneli ndi lofunika mofanana ndi kukonzako, chifukwa limamuuza kuti nkhani yake ndikuitsatira ndipo ndikufuna kumva zotsatira. Za msewu ndi za “chifukwa cha” ndinazilemba pakapepala.

Kenako anafika pamene analibe liwu. Anati, “Mwana anali ndi malungo. Chakudya chonse anatulutsa pakamwa.” Liwu lakuti kusanza anali asanaliphunzire, ndiye kumufunsa kukanakhala kutaya nthawi. Ndinati, “Oo, anasanza. Anasanza kangati?” Mwadala ndinafunsa funso loti poyankha aligwiritse ntchito liwulo. Iye anati, “Anasanza katatu,” ndipo analilemba yekha m’kope mwake. Liwu latsopano limene munthu walinena ndi pakamwa pake mphindi yomweyo limakhala losavuta kulikumbukira kuposa limene wangolimva.

Chotsatira chinali cha mtundu wina. Anati, “Ndinauza mayi kuti mwana amwe mankhwala awiri pa tsiku.” Apa ndinaimitsa nkhani poyera. Ndinati, “Taimani pang’ono, izi n’zofunika. Mapiritsi awiri pa tsiku, kapena kawiri pa tsiku?” Mankhwala a malungo a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi pa ulendo uliwonse kumatengera kulemera kwa thupi la wodwala. Mayi amene wamva “awiri” m’malo mwa “kawiri” akhoza kumwetsa mwana molakwika. Tinatha pafupifupi mphindi imodzi tikunena kuti kamodzi, kawiri, katatu, ndipo ndinamupempha kuti anene chiganizo chonse monga mmene angauzire mayiyo: “Mwana amwe mankhwalawa kawiri pa tsiku, m’mawa ndi madzulo, kwa masiku atatu.” Titatero ndinamubwezera pamene tinalekezera: “Ndiye mayiyo anati chiyani?” Mukaimitsa munthu, ndi udindo wanu kumukumbutsa pamene anali, chifukwa iye amakhala ataiwala.

Chakumapeto anafotokoza kuti agogo a mwanayo anafika masana. Anati, “Ndinati kwa agogo, uli bwanji, khala pansi.” Ndinagunditsa manja pang’ono. Anaseka n’kuti, “Muli bwanji. Khalani pansi.” Lamuloli analidziwa kale, koma pakamwa pake panali pasanazolowere.

M’nkhani yonseyi ndinalowererapo kasanu. Kawiri ndinagwiritsa ntchito manja okha, kamodzi liwu limodzi, kamodzi ndinamupatsa liwu latsopano, ndipo ndi kamodzi kokha pamene ndinaimitsadi nkhani. Zolakwika zimene ndinazimva n’kuzisiya zinali zambiri kuposa zimene ndinakonza. Namwinoyo anayankhula nthawi yaitali kuposa ine, ndipo nkhani yake inafika kumapeto.

Zimene zimadikira mpaka pamapeto

Mphindi zisanu kapena khumi zomaliza za phunziro ndimazisungira kapepala kaja. Polemba, ndimalemba mawu enieni amene wophunzira ananena, mwachidule, maso anga osachoka pa iye kwa nthawi yaitali. Ndi bwino kumuuziratu kuti muzilemba zabwino ndi zolakwika zomwe, apo ayi akangoona cholembera chikuyenda amadziwa kuti walakwa ndipo amazizira.

Pakapepalapo ndimasankha ziganizo zitatu kapena zinayi zokha, makamaka zimene zili ndi vuto lofanana. Ndimamuwerengera monga mmene ananenera, n’kumufunsa ngati akuonapo kanthu. Kwa namwino uja ndinawerenga kuti, “Msewu chinali choipa.” Anayesa “inali,” kenako “unali.” Apa m’pamene kufotokoza kuli ndi malo ake: msewu uli m’gulu la Mu-Mi pamodzi ndi mudzi, munda ndi mtengo, ndiye timati msewu unali woipa, misewu inali yoipa. Kufotokoza kotereku pakati pa nkhani kukanapha nkhaniyo, koma pamapeto wophunzira amakhala ndi mutu womasuka woti amvetse.

Ndikamaliza ndimamupempha kuti afotokozenso nkhani yomwe ija mwachidule, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Popeza zoti anene akuzidziwa kale, maganizo ake amapita pa kanenedwe, ndipo ine ndimamva ngati zimene takonza zalowa. Vuto la kukonza kwa pamapeto ndi lakuti wophunzira amakhala ataiwala zimene ankafuna kunena panthawiyo, ndipo lamulo limene walimva ali phee silitulukira lokha akayambanso kuyankhula mofulumira. Kubwereza nkhani kumathandiza kuchepetsa vutoli. Cholakwika chimene chaonekera kangapo pakapepala chimasanduka chinthu chimene tidzalimbane nacho sabata yotsatira, ndipo chimalandira chizindikiro chake cha manja.

Katchulidwe kenanso kamafunika kudikira mpaka pamapeto. Anthu ambiri oyankhula Chingerezi samva kusiyana kwa “kuponya” ndi “kuphonya,” chifukwa m’chiyankhulo chawo mpweya wotuluka pambuyo pa p susintha tanthauzo la liwu. Mukabwereza molondola pakati pa nkhani, iwo amamva liwu lomwe lija ananena, ndipo amadabwa kuti mukukonza chiyani. Apa pamafunika kuonetsa. Gwirani kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo: ponena “pho” kagwedezeka, ponena “po” sikagwedezeka kwenikweni. N’chimodzimodzi ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene kumasiyanitsa mtengo wa m’nkhalango ndi mtengo wa katundu. Khutu liyenera kuphunzitsidwa kaye kumva kusiyanako, kenako m’pamene chizindikiro chachidule pakati pa nkhani chingagwire ntchito.

Pophunzitsa pa foni kapena pa kompyuta, monga mmene ndimachitira ndi ana a Amalawi a kunja, mawu amachedwa kufika, ndiye mukalowerera pakati mumagundana ndi wophunzira ndipo nonse mumaima. Pamenepo ndi bwino kulemba liwu lolondola pamalo olemberapo mauthenga iye akuyankhulabe. Amaliona ndi diso, amakonza ngati wathera, ndipo mndandandawo umatsala kuti muuone limodzi pamapeto.

Mungadziwe bwanji kuti zikulakwika

Wophunzira sanena kawirikawiri kuti mukumukonza mopitirira. Ambiri mukawafunsa amati, “Mundikonze chilichonse.” Koma kayankhulidwe kawo kamaulula. Ziganizo zimayamba kufupika. Munthu amene ankafotokoza nkhani yaitali amayamba kuyankha ndi mawu awiri. Amakuyang’anani kumaso akatha liwu lililonse, ndipo mawu ake amakwera kumapeto ngati akufunsa chilolezo. Amapewa zinthu zovuta n’kumangonena zimene akudziwa kuti sangalakwitse, kapena amathawira ku Chingerezi. Mukaona zimenezi, lekani kukonza kwa mphindi khumi, funsani mafunso a nkhani yokha, ndipo mulole aone kuti mukumumva.

Kukonza kochepa kapena kosamveka kulinso ndi zizindikiro zake. Wophunzira amavomera kuti “eya” mukabwereza molondola, kenako n’kulakwitsa chomwecho m’chiganizo chotsatira. Kapena amayankhula momasuka ndi mofulumira, koma zolakwika zake za mwezi uno n’zofanana ndi za miyezi itatu yapitayo. Pamenepo kwezani mlingo pang’onopang’ono. Ngati kubwereza molondola sikukumveka, tsindikani liwulo. Ngati kutsindika sikukuthandiza, mufunseni kuti akonze yekha. Ngati zimenezonso zalephera, khalani naye pansi pamapeto, muonetseni ziganizo zake, ndipo mugwirizane chizindikiro.

Njira yabwino yodziyezera ndi kujambula mawu a phunziro limodzi pa foni, wophunzira atavomera, n’kumvetsera mphindi khumi zokha. Werengani kuti munalowerera kangati, ndi kangati pamene munadula munthu chiganizo chisanathe, ndiponso ndani anayankhula kwambiri. Pa phunziro la kucheza, ngati mawu a mphunzitsi ndi amene akumveka kwambiri, ndiye kuti wophunzira sakupeza chimene anabwerera.

Tisayembekezerenso kuti cholakwika chikakonzedwa lero ndiye kuti chatha. Agwirizanitsi a Chichewa amatenga nthawi yaitali kuti akhazikike pakamwa pa munthu wamkulu. Wophunzira amayamba ndi kukonza mukamukumbutsa, kenako amayamba kudzigwira yekha atangolakwitsa, n’kuti “njinga wake… yake,” ndipo pomaliza pake m’pamene amanena molondola ulendo woyamba. Kudzigwira kuja ndi umboni wakuti ntchito ikuyenda. Mukakumva, musanene kanthu, msiyeni apitirize.

Kwa inu amene muli ndi mlamu, mnzanu wa kuntchito kapena mdzukulu amene akuphunzira Chichewa, njira zimenezi mungazigwiritse ntchito ngakhale simuli mphunzitsi. Yambani ndi kumufunsa ngati akufuna kumakonzedwa, ndipo mugwirizane chinthu chimodzi choti muzimuthandiza nacho. Musamukonze pagulu, pokhapokha ngati zimene akunena zikhoza kunyoza munthu kapena kuvulaza wina. Mudikireni amalize ganizo lake, konzani ndi liwu limodzi, kenako mufunseni funso lokhudza nkhani imene amakuuzani.